Kumasulira malangizo otchera mita ya pH

"Ndine mphunzitsi wa Kemisitiri pa sekondale ina kuno ku Mangochi. Talandira mita ya pH yonga cholembera, ndipo ndikufuna kuika malangizo ake otchera m'Chichewa kuti ana a Fomu 3 azitsata okha. Ndisamale pati?"

Aphunzitsi, musanalembe chilichonse, onani timapaketi ta bafa, ufa wosungunula m'madzi kuti akhale ndi pH yodziwika, tomwe tinabwera ndi mitayo. Mamita ambiri otchipawa amatcheredwa pa 6.86, 4.01 ndi 9.18, pomwe ena amafuna 7.00, 4.01 ndi 10.01. Mukamasulira pepala la mita ina, ana n'kuviika mita yoyembekezera 6.86 mu bafa wa 7.00, iyo ikhoza kungovomera osadandaula, ikumuyesa 6.86. Kuyambira pamenepo chilichonse chizioneka chotsika ndi 0.14, ndipo palibe angazindikire. Choncho masulirani pepala la mita yanu yomweyo, ndipo manambala, pH ndi CAL zisiyeni momwe zilili, chifukwa ndi zimene mwana aziona pa batani ndi pa sikirini.

Pomasulira mawu akuti "calibrate", omwe chidule chake ndi CAL, ine ndimalemba "kutchera", ngati wotchi. Mukati "kuyeza", mwana athamangira kuviika mita m'madzi a m'nyanja asanadine n'komwe CAL.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi pa nsonga ya galasi ya mitayo. Mukalemba "tsukani ndi kupukuta", mwana womvera aikwecha ndithu, mwina ndi sopo yemwe. Kukwecha kumakanda galasi, komanso kumachititsa manambala kuyendayenda osakhazikika. Lembani motere:

"Tsukuluzani nsonga ndi madzi a disitiludi. Ikhudzitseni pa tishu kuti madontho achoke, osapukuta. Viikani mu bafa wa 6.86, dikirani nambala isiye kusintha, kenaka dinani CAL monga pepala likunenera. Tsukuluzaninso musanapite ku bafa wachiwiri."

"Madzi oyera" musalembe ayi. Kwa mwana, a pa mjigo ndi oyera, chonsecho mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, ndipo mukasungunuliramo bafa mwamuwononga. Kapaketi kamodzi nthawi zambiri kamafuna mamililita 250, koma werengani pa kapaketi kanuko.

Pali chinanso chomwe pepala lochokera kunja silingakuganizireni. Manambala a bafa ndi a pa madigiri 25, pomwe mu Okutobala labu ya ku Mangochi imatha kufika 35. Pa kutentha kumeneko bafa wa 9.18 amakhala cha pa 9.10, wa 6.86 cha pa 6.84. Wonjezerani mzere wanu: bafa ndi madzi oyezedwa zikhale m'chipinda chimodzi, pamthunzi, mpaka zifanane kutentha. Ndipo ngati muziyeza madzi a m'nyanja, omwe pH yake imaposa 7, bafa wa 9.18 musamudumphe.

Mukatha, patsani mwana mmodzi pepala la Chichewa lokhalo, inu muime pambali osayankhula. Akamaliza aviikenso mita mu bafa wa 6.86. Ikaphonya ndi kuposa 0.1, bwererani pa mzere womwe munamuona akukayika.