Disiki yadzadza ndi ma node_modules, ndifufute ziti?

"Akuluakulu thandizeni, laputopu yanga ya 256GB yatsala ndi 3GB basi, malo onse adya ma node_modules, ma venv ndi ma build m'mapulojekiti akale. Ndingofufuta zonse kapena ndiononga zinthu?"

Achimwene fufutani, koma foda iliyonse muziyamba mwadzifunsa kuti ikapita ndiibweza ndi chani. Musanakhudze kanthu onani kaye kukula kwake, iyi siifufuta ingowerenga:

```
find ~/projects -name node_modules -type d -prune -exec du -sh {} +
```

node_modules ndiye yosavuta. Ngati pambali pake pali package.json ndi package-lock.json chotsani mtima uli m'malo, tsiku lomwe mudzaifune `npm ci` idzabweza mavezhoni omwewo ndendende. Ngati loko fayilo palibe ndiye samalani, `npm install` idzakoka mavezhoni atsopano ndipo pulojekiti ya 2021 ikhoza kukana kudzuka. Komanso ngati munalowapo mkati mwa node_modules kukakonza koodi ya eni ake ndi manja, zimenezo zipita osabwerera. Ine za mapulojekiti omwe ndikugwira mwezi uno sindikhudza, kukokanso 400MB pa bandulo si masewera.

Za venv nkhani ndi ina, chifukwa ambirife timangopanga `pip install` osalemba paliponse, ndiye venv yomweyo ndi yokhayo ikudziwa zomwe munaikamo. Ifunseni kaye musanaiphe:

```
.venv/bin/pip freeze > requirements.txt
```

Tsegulaninso pyvenv.cfg muone vezhoni ya Python yomwe inapangira venv imeneyo, muilembe penapake, chifukwa mapakeji ena akale pa Python watsopano amakana kulowa.

Pomwe ine ndinapsa ndi pa `git clean -fdX`. Imachotsa chilichonse chomwe chili mu .gitignore, ndiye ndinkaona ngati ndapeza tsache labwino, dist yapita, node_modules yapita, 2GB yabwerera, kuseka ndekha. Mawa lake kuti ndidzutse pulojekiti, ikudandaula kuti palibe DATABASE_URL, kuyang'ana bwino .env kulibe, ndi db.sqlite3 yomwe munali data yoyesera ya miyezi iwiri kulibenso. Zonsezo zinali mu .gitignore, ndiye ku GitHub kunalibe, ndipo zofufutidwa chonchi sizidutsira mu bini ayi. .env ndi .venv zimasiyana chilembo chimodzi koma mu .env muli mapasiwedi anu. Panopa ndimayamba ndi `git clean -ndX`, n ameneyo amangokuonetsani mndandanda osachotsa kanthu, ndimawerenga mzere uliwonse kenako ndimachotsa mafoda ndekha potchula dzina.

Ma dist, build ndi .next amabwera okha ndi `npm run build`, bola muyese kaye kuti ikudutsabe pa pulojekiti yomwe ili pa seva ya kasitomala, mwina dist yakaleyo ndi yokhayo yogwira yomwe mwatsala nayo.