Foni ikamati -11 kunja dzuwa lili phwee

"Achimwene, ndikulemba kankhani ka mnyamata wa kwathu kwa Khombedza amene wapita kusukulu ku Canada, ndipo akudabwa kuona -11 pafoni. Anzanga akuti ndamusandutsa chitsiru. Ndikonze pati?"

Achemwali, kalata yanuyi yanditengera kutali, chifukwa mnyamatayo ndinali ine. Ndinakulira ku Senga Bay, kumene kuzizira timakudziwa ndi mwera wa mu Julaye, juzi imodzi basi nkhani yatha. Manambala a mainasi ndinawaphunzira kusekondale ndipo ndinkakhoza. Koma palibe anandiuza kuti tsiku lina adzandiluma makutu.

Lolemba lina mu Disembala foni inalemba -3°C. Kunali mitambo, ndinavala jekete n'kukafika m'kalasi bwinobwino. Lachinayi inalemba -11°C, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala ngati la pamchenga kunyanja. Mutu unkadziwa masamu, koma maso anaona 11 n'kuti waposa 3, kwafundako. Ndinatuluka wopanda chipewa, tsitsi lisanaume. Ndisanafike pokwerera basi tsitsi linali gwa, m'mphuno mukumatana ndikamakoka mpweya, makutu akuwotcha ngati ndawapaka tsabola.

Madzi amaundana pa 0°C. Kutsika pamenepo, nambala imakhala ngati ngongole ya pagolosale: wa ngongole ya 11 ali pamavuto kuposa wa ngongole ya 3. Dzuwa nalonso limanamiza. Mitambo ili ngati bulangete, imasunga kutentha kwa nthaka usiku, ndiye kukacha kopanda mtambo nthawi zambiri ndi pamene kwazizira koopsa. Ife a kunyanja thupi lathu linaphunzira zosiyana, kuti dzuwa likatuluka juzi ivulidwe. Munsi mwa nambalayo munalinso timawu takuti Feels like -19°, kusonyeza mmene mphepo ikuchotsera kutentha pakhungu. Sindinatiwerenge n'komwe.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamawerenga nkhani zimene mwana wa kumudzi amagwedeza foni poganiza kuti yawonongeka. Munthu wakhoza MSCE mpaka kupeza malo kuyunivesite yakunja, asadziwe mainasi? Ayi, kumeneko n'kunyoza ana athu, ndipo ine nkhani yotere sindiimaliza. Ngakhale mayi anga, amene sukulu analekezera sitandade 4, nditawaimbira madzulo ake n'kuwauza kuti kunja kukuzizira kufika pafupi ndi m'firiza yosungira chambo, anamva nthawi yomweyo. Anangofunsa kuti, "Nanga mbalame zikugona kuti?"

Tsono pokonza

Mnyamata wanuyo masamu awadziwe, chimupusitse ndi dzuwa. Muonetseni manambala awiri pamasiku awiri, -3 kenako -11, kuti wowerenga aone yekha pamene wapunthwa. Ndipo musamusamutsire ku Amereka osasintha nambala, chifukwa kumeneko amawerengera mu °F, madzi amaundana pa 32, ndipo -11°C yanuyo pafoni ingaoneke ngati 12 wopanda mainasi.