Nthabwala yatalika, nthawi yachepa

"Ndikulemba mawu a pansi m'Chichewa pa filimu yanthabwala. Mawu akundichulukira, koma ndikadula, zoseketsa zikutha. Nditani?"

Achimwene, yambani ndi kuwerengetsa. Ambiri amatsatira malire a zilembo 42 pa mzere, mizere iwiri basi, ndipo liwiro lowerengera limakhala pafupifupi zilembo 17 pa sekondi. Ndiye munthu akalankhula masekondi atatu, muli ndi zilembo 51 zokha, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mu pulogalamu ya Subtitle Edit yang'anani CPS, chiwerengero cha zilembo pa sekondi; ikafiira, mwadzaza.

Tiyerekeze kuti mkamwini akuuza mnzake: "Apongozi anga aja anabwera kudzacheza kwa masiku awiri okha, koma pano akufunsa kumene timagula mbewu." Zilembo zapitirira 100, nthawi ndi masekondi 4, malo ndi a zilembo 68. Chomwe chikuseketsa ndi mawu awiri, "masiku awiri" ndi "mbewu", chifukwa wofunsa mbewu akufuna kudikira zokolola. Zotsalazo ndi nsinjiro. Ine ndingalembe: "Apongozi anati masiku awiri." Kenako: "Pano akufunsa za mbewu." Zonse pamodzi sizikufika zilembo 55.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi ichi: musaike ziganizo ziwirizi pa chithunzi chimodzi. Maso amathamanga kuposa pakamwa, ndiye woonera amawerenga "mbewu" wosewera asanafikepo, kuseka kumabwera msanga kapena osabwera n'komwe. Chachiwiricho chituluke pomwe akuchinena, ndipo "mbewu" akhale mawu omaliza.

Mukamaliza, zimitsani mawu a osewera n'kumuonetsa wina amene sanaonepo filimuyo. Akapempha kuti mubwezeretse m'mbuyo, dulaninso pamenepo.