Msonkho wa R5 pa katundu: mtengo watsopano ukhala pati?

"Achimwene, ndimagwira ntchito ku Fordsburg, madzulo ndimaphunzira za chuma. Atipatsa Qd = 120 − 2P ndi Qs = −30 + 3P, pomwe P ndi mtengo, Qd ndi kuchuluka kwa katundu amene ogula akufuna, ndipo Qs ndi amene ogulitsa akubweretsa. Kenako akuti boma laika msonkho wa R5 pa chinthu chilichonse chimene wamalonda wagulitsa. Ine ndapeza mtengo watsopano wa R27 pomwe wakale ndi R30. Msonkho ungatsitse mtengo?"

Ayi achemwali, sungatsitse, ndipo mwachita bwino kukayikira. R30 yanuyo ili bwino: mukafananitsa mbali ziwirizo mupeza 150 = 5P, ndipo katundu wogulidwa ndi 60. Pomwe mwaterereka ndi pamene munalemba P + 5 kumbali ya wogulitsa.

Tiyerekeze kuti ndi mapaketi a usipa ku Yeoville. Kasitomala akapereka P, mayi wogulitsayo satenga yonse; R5 ndi ya boma. Iye poganiza zoti abweretse mapaketi angati amayang'ana imene itsale m'thumba mwake, yomwe ndi P − 5. Choncho paliponse pamene pali P kumbali yake, ikanipo P − 5. Mbali ya ogula musaikhudze.

```
Qs = −30 + 3(P − 5) = −45 + 3P
120 − 2P = −45 + 3P
165 = 5P
P = 33
Q = 120 − 2(33) = 54
```

Samalani ndi 3 uja: amachulukitsa 5 yemwe, n'chifukwa chake −30 wasanduka −45. Ambiri amangochotsa 5 n'kupeza −35, mtengo n'kutuluka R31. Amenewo achotsa mapaketi asanu, pomwe msonkho ndi ndalama, osati katundu.

Kuti mutsimikize, wogulitsa akutsala ndi R28. Ikani 28 mu Qs yakale ija: −30 + 84 = 54. Zagwirizana. Boma likutolera 5 × 54, yomwe ndi R270.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mtengo sunakwere ndi R5 yonse. Wogula wawonjeza R3, wogulitsa waluza R2, ngakhale wokapereka msonkhowo ndi wogulitsa yekha. Chifukwa chake chili pa 2 ndi 3 aja. Mtengo ukasintha ndi R1, ogula amasintha ndi mapaketi awiri okha, ogulitsa ndi atatu. Amene savutika kuchoka pamsika amazemba gawo lalikulu, womangika ndiye amasenza. Ndipo boma likanati wogula ndiye azipereka, mukanalemba P + 5 mu Qd, n'kupezanso 54 yemweyo, wogulitsa R28, wogula R33.

Njirayi ndi ya msonkho wa ndalama yokhazikika pa chinthu chimodzi, monga umene timalipira pa lita iliyonse ya petulo kuno ku Joni. Funso likakhala la msonkho wa peresenti, ngati 15% imene mumaiona pa lisiti ya m'sitolo, P − 5 sagwira ntchito. Pamenepo wogulitsa amatsala ndi P ÷ 1.15.