Kasitomala wokwiya, matikiti ena akudikira

"Achemwali, kasitomala wina wandilembera zonyoza, akuti tamudula R499 kawiri. Ndatha ola lathunthu pa tikiti ya dandaulo lakelo, ena ali mbwee pamzere. Inu mumatani?"

Eee mng'ono wanga, pepa. Ndili mu takisi, tikutuluka pa Bree, ukamva phokoso usadabwe. Mvera, munthu wokwiya usamulembere kalata yaitali. Umayankha msanga, mwachidule, kenako tikitiyo umaichotsa m'manja mwako.

Yamba wawerenga zonse kuchokera pamwamba. Kawirikawiri upeza kuti analembapo kale osayankhidwa, mkwiyo unachokera pamenepo. Ngati watsegula matikiti awiri atatu pa nkhani imodzi, aphatikize ndi Merge, chifukwa iliyonse ili ndi wotchi yake ya SLA, nthawi yomwe kampani inalonjeza kuthandizira kasitomala, ndipo zonse zikuwerengera iwe. Keneko yang'ana mu akaunti ngati ndalamayo inadulidwadi kawiri.

Poyankha, zonyozazo uzisiye ngati sunazione. Tchula vuto lenilenilo, ndalama yake ndi masiku ake, kuti adziwe kuti wawerenga. Pepesa kamodzi kokha. Ndipo chonde usamuuze kuti akhazike mtima pansi, apo ndiye wathira mafuta pamoto. Zomwe ukufuna kwa iye uzipemphe zonse nthawi imodzi: sitetimenti ya kubanki yoonetsa kudulidwa konse kuwiri, ndi zomutsimikizira kuti ndi mwini akaunti. Lamulo la POPIA lija, loteteza zinsinsi za anthu, salichitira masewera kuno ku South Africa, usaulule za akaunti kwa munthu woti sunamutsimikizire, ngakhale alalate bwanji. Ukamapempha chimodzichimodzi, tikitiyo izingobwerera kwa iwe mpaka kuweruka.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amagwa. Usalonjeze kuti ndalama ibwera mawa, wobweza si iwe, ndi a ofesi ya zandalama, kuphatikiza banki yake. Lonjeza chomwe chili m'manja mwako: "Ndikulemberaninso mawa nthawi ya 10 koloko kukuuzani pomwe zafika." Ika alamu pafoni, ndipo ulembedi, ngakhale pakhale palibe chatsopano.

Ngati muli pa pulogalamu ya matikiti ya Zendesk ngati ife, ukamadikira kasitomala ika Pending, ukamadikira a zandalama ika On-hold. Dziwa kuti pa On-hold nthawi yomwe kasitomala akudikira imawerengedwabe, ndiye usangoitaya kumeneko. Mu Internal note lemba ndalama, masiku, ndi chomwe wamulonjeza, kuti wa shifiti yausiku asakamufunsenso zomwezo. Koma uonetsetse kuti walembadi mu Internal note, ukalemba mu Public reply kasitomala awerenga zonse. Solved usaigwire ndalama isanabwezedwe. Akangoyankha imatsegukanso, ndipo amabwera atalusa kuposa poyamba.

Ine zonsezi ndimazipatsa mphindi khumi, zikachuluka khumi ndi zisanu, kenako ndimapita pa tikiti yomwe SLA yake yatsala pang'ono kutha. Akayamba kukuopseza kapena kukutukwana za ukwerekwere, usalimbane naye, ipereke kwa supavaiza pompo.

Ndikutsika tsopano. Kodi kwanuko ndi Zendesk yomweyi? Undiuze ndikafika.