Mahashitagi makumi awiri koma nkhuku zili m'khola: yankho kwa mayi wa ku Chitakale

"Achimwene, ine ndimaweta nkhuku zoyera kuno ku Chitakale, 100 ulendo umodzi. Ndimaziika pa Facebook ndi mahashitagi ambirimbiri monga anandiuzira mwana wanga, #business #chicken #hustle #Malawi #Mulanje ndi ena, mpaka 20. Malayiki amabwera ndithu, koma ndi a anthu akutali, ena akunja. Wogula wa pafupi palibe. Pano zatsala 60, zakwanitsa masabata 7 ndipo zikungondidyera chakudya. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, pepani kwambiri. Nkhuku yoyera ikapitirira masabata 6, thumba lililonse la finisha lomwe mukugula likudya phindu lanu, ndiye ndiyankha mosazungulira.

Hashitagi ili ngati shelefu ya m'sitolo: aliyense wolemba mawu amenewo waika katundu wake pa shelefu imodzi. Shelefu ya #business ndi ya dziko lonse lapansi, ndipo zanu zimakwiririka musanabweze foni m'thumba. Amene amayendayenda pamenepo ndi ogulitsa anzanu ofuna kuti nanunso muwapatse layiki. Ndiwo malayiki akunja mukuwaonawo. Ya #Mulanje ndi yaing'ono, koma taitsegulani muone: mupezamo phiri, mathithi a ku Likhubula, alendo ali pa Sapitwa, minda ya tiyi. Munthu amene walowa pamenepo akufuna wom'perekeza kuphiri, sakufuna ndiwo za Lamulungu.

Tsono tiyambire kwa wogulayo. Mayi wa lesitilanti pa boma akafuna nkhuku 15 za mawa, sayamba ndi chizindikiro cha #. Amatsegula pofufuzira n'kulemba monga amayankhulira: nkhuku Mulanje, kapena broilers Chitakale. Facebook imayang'ana mapositi omwe muli mawu amenewo. Ngati mawu oti nkhuku ndi oti Chitakale sali m'zolemba zanu, simutuluka, ngakhale khola lanu likhale kuseri kwa lesitilanti yakeyo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: dzina la katundu ndi dzina la malo zikhale mu mzere woyamba, m'mawu wamba.

Ndikuti mzere woyamba chifukwa positi yaitali Facebook imaidula n'kuika See more, ndipo ambiri sadinapo, makamaka bando ikamatha. Moni wautali uja wa "Mwadzuka bwanji makasitomala anga okondedwa" ndi ulemu ndithu, koma ukutenga mpando wa mawu ogulitsa. Ubwere pambuyo.

Ndinapita kukaona mapositi omwe munanditumizira. Chithunzi ndi chabwino, nkhuku zonenepa, utuchi woyera. Koma mtengo, nambala ndi malo munazilemba pa chithunzipo, ndipo pansi pake munangoti "Zilipo" kenaka mahashitagi. Mawu olembedwa pa chithunzi musawadalire kuti pofufuzira awapeza. Alembeninso pansi ndi zala zanu. Ine ndikanalemba chonchi, inu muikepo mtengo wanu weniweni ndi tsiku lake:

```
Nkhuku zoyera (broilers) ku Chitakale, Mulanje.
Zamasabata 7, zatsala 60, K15,000 imodzi.
Timaperekera pa Mulanje boma, Chitakale ndi Nkando.
Zamoyo kapena zokonzakonza. Airtel Money ndi Mpamba.
#Chitakale #Mulanje #NkhukuMulanje
```

Taonani zinthu zingapo m'menemo. Ndalemba dzina la nkhukuzo m'zinenero ziwiri chifukwa ogula athu amasakaniza, wina alemba Chichewa, wina Chingerezi, ndipo makinawo musawadalire kuti adziwa kuti ndi chinthu chimodzi. Ndatchula malo ang'ono ndi malo aakulu pamodzi. Dzina loti Mulanje palokha ndi lalikulu zedi: wa ku Muloza ndi wa ku Nkando onse ndi a ku Mulanje, koma palibe angakwere minibasi ulendo wonsewo chifukwa cha nkhuku imodzi. Dzina loti Chitakale limauza munthu nthawi yomweyo ngati kabaza angafike. Komanso dzina la mudzi wanu lokha silikwanira, chifukwa amalidziwa ndi a m'mudzimo, amene akudziwa kale kuti mumaweta. Tengani dzina lomwe kondakitala amakuwa pa siteji. Limenelo ndi lomwe anthu amalemba.

Chenjezo langa pamenepa: tchulani malo okhawo omwe mungafikitseko katundu. Ndaonapo anthu akundandalika Limbe, Zomba, Lilongwe, Mzuzu pansi pa positi ya nkhuku za ku Luchenza. Mafoni amabwera, inde, koma ndi a anthu amene akamva mtunda amadula, inu mwataya nthawi ndi mayunitsi. Choipa kwambiri, wa pafupi uja akaona mndandanda wotero sadziwanso kuti muli kuti.

Pali kanthu kena ka m'chinenero chathu komwe alangizi a pa intaneti sangakuuzeni. Ambirife timalemba kuMulanje, paChitakale, molumikiza. Kwa munthu n'chimodzimodzi, koma kwa makina ofufuzira kuMulanje akhoza kukhala mawu ena, osiyana ndi Mulanje. Pogulitsa malonda lekanitsani: ku Mulanje, pa Chitakale. Dzina la malo liime palokha. Ndipo kumene dzina limalembedwa mitundu iwiri, monga Bvumbwe amene ena amangolemba Vumbwe, ikani kalembedwe kodziwikako pamwamba, kenako mulowetse kwinako kamodzi m'munsi.

Hashitagi nayo ili ndi malamulo ake ochepa. Siilola mpata: mukalemba #Nkhuku Mulanje, yagwira ndi #Nkhuku yokha. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisintha kanthu, zimangothandiza maso, n'chifukwa chake ndalemba #NkhukuMulanje. Koma chomwe chimatipweteka ife Achewa ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja ka mu ng'ombe ndi m'mudzi. Kamadula hashitagi pomwepo. Zinandichitikira ine ndemwe chaka chomwe ndinkathandiza malume anga kugulitsa manyowa. Ndinalemba #ng'ombe sabata yathunthu, ndikudabwa kuti bwanji zii. Tsiku lina nditayang'anitsitsa ndinaona kuti zilembo ziwiri zoyamba zokha ndi zomwe zasintha mtundu, zotsalazo zili zakuda ngati mawu wamba. Ndinkaika manyowa a malume pa shelefu ya #ng. Mukatumiza positi, yang'anani ngati hashitagi yonse yasintha mtundu kuyambira poyamba mpaka pothera. Ngati yathera pakati, pali chaidula.

Mahashitagi atatu akukwana. Imodzi ya malo ang'ono, imodzi ya boma, imodzi yolumikiza katundu ndi malo. Yachitatuyi poyamba mudzakhalamo nokha, ndipo palibe cholakwika. Ntchito yake ndi yakuti kasitomala akaidina apeze mapositi anu onse pamodzi, aone kuti mwakhala mukugulitsa kuyambira kale, si inu wongotulukira lero kudzatenga za anthu pa Mpamba.

Tsopano chinthu chomwe ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu, ndipo muchione lero lomwe. Pansi pa dzina lanu pa positi pali kachizindikiro kakang'ono. Ngati ndi timitu ta anthu awiri, positiyo ili pa Friends, ndiye kuti amene si mnzanu pa Facebook sangaione, afufuze motani. Pafunika kampira ka dziko lapansi, Public. Mapositi anu awiri omalizira, omwe munawajambula n'kunditumizira, ali ndi timitu tija. Dinani timadontho titatu pamwamba pa positi, musinthe amene angaione. Chimodzimodzi m'magulupu: zomwe mwaika m'gulupu ya Private amaziona ndi a m'gulupumo okha.

Za Check in, chitani, chifukwa zimaonetsa dzina la malo pamwamba pa positi. Koma sankhani msika kapena tauni, osati pakhomo panu. Khola la nkhuku 60 zakupsa si chinthu cholozera aliyense njira, akuba nawonso ali ndi mafoni. Wogula weniweni mumuuza pa foni, kapena mukumane naye pa msewu.

Pa WhatsApp musadzivute ndi mahashitagi. Sitetasi amaiona ndi okhawo amene munasungirana nawo manambala, ndipo imachoka pakatha maola 24. Kumeneko dzina la malo ndi lothandizabe pa chifukwa china: mlamu wanu akaitumiza ku gulupu ya kumpingo kapena ya banki m'khonde, amene sakukudziwani adziwe kuti nkhukuzo zili ku Chitakale.

Mudziwa bwanji kuti zagwira? Osati ndi malayiki. Bwerekani foni ya munthu amene si mnzanu pa Facebook, kaya ndi mnyamata wa kabaza amene amakunyamulirani chakudya cha nkhuku. Lembani pofufuzira nkhuku Chitakale, musankhe Posts. Mukadziona, zili bwino. Mukapanda kudziona, dikirani pang'ono muyesenso, kenaka muonenso zitatu zija: kampira ka Public, mawu kukhala pansi osati pa chithunzi pokha, ndi dzina la malo kuima palokha. Muyesenso ndi mawu ena, broilers Mulanje, muone amene akutuluka pamwamba panu analemba bwanji. Kenaka m'kope lomwe mumalemba za katemera ndi chakudya, tsegulani tsamba lina. Aliyense woimba mumufunse, "Mwaziona kuti?" n'kulemba kamzere. Pakutha pa ulendo umodzi wa nkhuku mudzaona nokha ngati akuchokera pofufuzira, ku gulupu, kapena ku sitetasi.

Ndikuuzeni chilungamo, mayi: kwathu kuno ofufuza pa Facebook alipo koma si ochuluka ngati a m'tauni. Mawu a malo amangotsegula chitseko kuti wofunayo akupezeni, sabweretsa chikhamu. N'chifukwa chake positi yomweyi muiikenso m'magulupu ogula ndi kugulitsa a ku Mulanje ndi Thyolo, komwe anthu a pafupi asonkhana kale. Ndipo kwa nkhuku 60 zomwe zili m'kholazi musadikire foni yokha. Mawa m'mawa tengani ziwiri zonenepa muzungulire malesitilanti ndi ootcha nyama pa Chitakale ndi pa boma, muwasiyire nambala.

Ulendo wotsatira yambani kulemba zikadali ndi masabata 4, ndi tsiku lomwe zidzakhale zokonzeka, kuti maoda abwere zisanayambe kukudyerani. Zikatha, bwererani ku positi yakaleyo mulembe pamwamba kuti ZATHA ndi tsiku lomwe zina zidzatuluke, chifukwa pofufuzira imatha kutulukabe miyezi itapita, ndipo amene waipeza mochedwayo ndi woyamba kumulemba pa maoda a ulendo winawo. Mundilembere Lachisanu mundiuze kuti zatsala zingati.