Makinawo sadziwa chimene inu mumachitcha chokongola

"Achimwene, ndikufuna chithunzi cha pachikuto cha nthano yanga ya mtsikana amene akuwoloka mapiri kukafuna mlongo wake. Mu pulogalamu yopanga zithunzi ndimalemba `epic beautiful landscape, stunning mountains, brave girl, masterpiece, 8k` koma zonse zikutuluka zofanana, ndipo palibe chooneka ngati cha nthano yanga. Ndiwonjezere mawu ati amphamvu?"

Musawonjezere kalikonse, achemwali. Chotsani. Zithunzi zanuzo sindinazione, koma ndingathe kukuuzani zimene zilimo. Muli kamunthu kakang'ono kataima pansonga ya thanthwe, katatifulatira. Kutsogolo kwake kuli mapiri osongoka ali mbuu ndi nkhungu, thambo mbali ina lofiirira mbali ina lobiriwira, ndipo cheza cha dzuwa chikuboola mitambo. Ndikudziwa chifukwa aliyense wolemba mawu amenewa amalandira chithunzi chomwechi, angosiyana malo a phiri.

Funso lanu landikhudza chifukwa vutoli ndinalidziwa makina amenewa asanabwere. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito pamalo ena osindikiza mabuku, ndipo ine ndiye ndinkatumidwa pakati pa olemba ndi bambo wina wachikulire amene ankajambula zikuto pamanja. Olemba ankandipatsa kapepala: tikufuna chikuto chokongola, chogwira mtima, chamakono. Ndikafika nako, bamboyo ankavula magalasi, n'kuwerenga kapepalako atakayandikiza kumaso, n'kundibwezera. "Mwana wanga, apa palibe choti ndijambule. Pensulo yanga siidziwa kugwira mtima. Bwerera ukawafunse: muli ndani m'chithunzimu, wagwira chiyani, dzuwa lili kuti?" Ndinkabwerera nditakwiya, poganiza kuti akungovuta. Olembawo nawonso ankakwiya, ena ankati wojambula weniweni amayenera kumva yekha. Koma ukawakakamiza, amayamba kutulutsa zinthu zimene zinali m'mutu mwawo nthawi yonseyi. Mayi wina amene poyamba anangoti "chomvetsa chisoni" anadzanena kuti akuona nsapato imodzi ya mwana ili pakhomo lotseka, zingwe zake zili zomasula. Bamboyo atamva zimenezi sanayankhule, anangokoka pepala n'kuyamba kujambula. Chikuto chimenecho chinalibe nkhope yolira, chinalibe misozi, koma aliyense wochiona ankakhala kaye chete.

Bamboyo ankabweza kapepala. Makina sabweza. Amalandira chilichonse, ndipo pamene inu mwasiya mpata amatsekapo ndi chimene anachiona kambirimbiri.

Apa mpofunika kudziwa mmene anaphunzirira. Tengani Stable Diffusion, amene anatulutsidwa mu 2022. Anaphunzitsidwa ndi zithunzi zochokera mu nkhokwe ya LAION-5B, momwe muli zithunzi zoposa mabiliyoni 5 zotoledwa pa intaneti, chilichonse ndi timawu timene tinalembedwa pambali pake. Palibe anakhala pansi kuwafotokozera kuti kukongola n'chiyani. Anangoona kuti mawu akuti amapezeka limodzi ndi maonekedwe akuti. Tsono ganizirani zithunzi zimene anthu amalembapo `beautiful`: mkwatibwi, duwa, galimoto yogulitsa, khitchini ya nyumba yochititsa lendi, kulowa kwa dzuwa, mphaka. Zinthu zimenezi zikufanana pati? Osati pa kaumbidwe. Chotsala ukaziphatikiza zonse ndi kusalala, kuwala kofunda, mitundu yowala mopitirira, khungu lopanda chipsera. N'chifukwa chake mawuwa sakupatsani chinthu, amangopaka polishi pa chilichonse chimene chatuluka. Mawu akuti `epic` nawo ali ndi kwawo: amakonda kukhala pa zithunzi zotsatsira magemu ndi mafilimu ankhondo. Mukawalemba mwaitana kamunthu kofulatira kaja ndi cheza chake, ngakhale nthano yanu ilibe lupanga ndi limodzi lomwe.

Yerekezani ndi `rope bridge`. Zithunzi zolembedwa mawu amenewa pafupifupi zonse zili ndi zingwe, matabwa, ndi phompho pansi. Makinawo alibe kothawira.

Ndiye ndimapsa mtima ndikaona anthu akugawana, ena mpaka kugulitsa, mindandanda ya mawu amene amati ndi amatsenga. Amanamiza anthu ongoyamba kumene, ndipo sindikufuna kuzinena mofewa. Mawu ngati `masterpiece, best quality` ali ndi mbiri yake: anatchuka ndi makina ojambula makatuni a chijapani, amene pophunzitsidwa zithunzi zake zinaikidwa dala zizindikiro zoterezi. Kumeneko amagwiradi ntchito. Anthu anawatola n'kumawamata paliponse, ngakhale pa makina amene sanaphunzitsidwe choncho. Ndipo `8k`, dzina la zithunzi za timadontho tambirimbiri, sawonjezera kadontho ndi kamodzi komwe. Kukula kwa chithunzi kumasankhidwa pa zoikamo za pulogalamu. Stable Diffusion 1.5 anazolowera timadontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, mulembe manambala aakulu bwanji. Chimene `8k` amachita ndi kukokera chithunzi ku maonekedwe a zithunzi zokongoletsera sikirini ya kompyuta, zakuthwa mopweteka maso. Choipitsitsa n'chakuti munthu amazolowera kuganiza kuti chinsinsi chili mu mndandanda wa mnzake, n'kusiya kuyang'ana chimene chili m'mutu mwake. Pamapeto pake zikuto za mabuku, zikwangwani za misonkhano ndi zithunzi za nyimbo zonse zikufanana nkhope, ndipo owerenga ayamba kuzizindikira patali n'kuzidutsa.

Palinso nkhani ya malo. Mu Stable Diffusion 1.5 mbali yowerenga mawu, yotchedwa CLIP, imalandira tizidutswa ta mawu 77 pa nthawi imodzi, ndipo tiwiri mwa timeneti ndi tongotsegulira ndi kutsekera. Makina atsopano amawerenga ziganizo zazitali bwino kuposa pamenepa, koma ngakhale kumeneko mawu aliwonse amakoka chithunzi kumbali yake. Mu mzere wanu, mtsikana amene nthano yonse ndi yake wapatsidwa mawu awiri, ndipo amodzi mwa iwo, `brave`, ndi osaoneka ndi maso. Musadabwe kuti akutuluka ngati kachitsotso kakuda pathanthwe.

Tiyeni tiugwire mzere wanuwo

Funso la bambo uja ndi lomwe lija. Mukamati ulendo wake ndi woopsa ndi waukulu, maso akuona chiyani? Nthano yanu sindinaiwerenge, ndiye ndingoyerekeza. Tinene kuti pali pamene akuwoloka mlatho wa zingwe. Ukulu umaoneka chinthu chaching'ono chikakhala pafupi ndi chachikulu, choncho tifunika phompho ndi mtsinje wooneka ngati kaulusi pansi pake. Kuopsa kumaoneka pa thabwa limene lasowa. Kulimba mtima kumaoneka pa dzanja logwira chingwe ndi phazi limene lanyamuka kale kupita kutsogolo. Zonsezi kamera ingathe kuzijambula.

```
teenage girl crossing a rope bridge, one hand gripping
the rope, canvas backpack, wet planks, one plank missing,
granite gorge, thin river far below, low grey clouds,
overcast light, wide shot from the cliff edge
```

Onani kuti mawu ofotokoza sanathe onse. `wet`, `grey`, `thin`, `low` alipo, ndipo ndi abwino, chifukwa anthu awiri ataona thabwa angagwirizane ngati lanyowa kapena ayi. Pa kukongola kwake akhoza kukangana mpaka kuda. Muyeso wanga ndi umenewo: mawu amene mlendo angawaloze ndi chala pa chithunzi asiyeni, amene ndi chigamulo cha mtima wanu asandutseni zinthu. Onaninso `overcast light`. Mukapanda kutchula kuwala, makina amathamangira ku dzuwa lolowa, chifukwa ndi limene anthu amalijambula ndi kulitamanda kwambiri. Kutchula kumene kamera yaima kumathandizanso chimodzimodzi, apo ayi mudzalandiranso msana wa mtsikanayo uli pakatikati.

Sindikulonjezani kuti zonse zidzamveka. Thabwa losowalo makina ambiri amalinyalanyaza, chifukwa chinthu chimene palibe n'chovuta kuchijambula. Nthawi zina `gap between planks` amagwira bwino, poti mpata ndi chinthu chooneka. Dzanja logwira chingwe likhoza kutuluka ndi zala zosokonekera, makamaka pa makina akale. Mitundu imadumphira pa zinthu zoyandikana: mukalemba chikwama chofiira ndi jekete yachikasu, musadabwe kuona jekete yofiira, kapena zingwe za mlatho zitafiira. Mukaona zimenezi, siyani mtundu umodzi wokha wofunika kwambiri. Ndipo mayina a zinthu akachuluka, ena amangotayika mwakachetechete, kawirikawiri a kumapeto. Munthu amene wamva kuti mayina ndi abwino n'kuthira mbalame, mbuzi, nyali, mapu ndi mwezi mu mzere umodzi wangosintha mtundu wa vuto.

China chimene chimapweteka ambiri ndi kukaniza. Mukalemba `no castle` mu mzere waukulu, makina ambiri amangomva `castle` n'kukumangirani nyumba yachifumu pamwamba pa phiri. Zosafunika zili ndi malo ake: bokosi la `negative prompt` mu mapulogalamu a Stable Diffusion, kapena `--no castle` mu pulogalamu ina yotchedwa Midjourney.

Dzina la chinthu nalonso limabwera ndi katundu wake, ndipo izi zimandivutitsa maganizo kuposa zonse. Mukangoti `girl`, makina adzasankha okha khungu, tsitsi ndi zovala, motsatira zimene zinachuluka mu zithunzi zimene anaphunzira. Mtsikana wa m'nthano yanu inu mumamudziwa. Ngati tsitsi lake ndi lalifupi, khungu lakuda, nsapato zake zakutha kuchidendene, zilembeni. Mukapanda kutero, pachikuto padzakhala mwana wa munthu wina, ndipo owerenga adzatsegula buku ali ndi nkhope yolakwika m'maganizo.

Kuti mutsimikize nokha zimene ndanenazi, gwiritsani ntchito `seed`, nambala imene imasankha timadontho tosokonekera pomwe chithunzi chimayambira. Ikhazikeni pa nambala imodzi, monga 1234, ndipo musasinthe china chilichonse pa zoikamo. Pangani chithunzi ndi mzere wanu wakale, kenako chotsani `stunning` yekha n'kupanganso. Mudzaona tinthu tasuntha apa ndi apo, koma simudzatha kunena chimene chachoka. Kenako tengani mzere watsopano uja, sinthani `granite gorge` kukhala `pine forest`, muone dziko lonse likusintha. Bwerezani pa manambala ena angapo kuti lisakhale tsoka kapena mwayi wa nambala imodzi. Mawu amene mwawachotsa osaona chosowa, asabwererenso. Mukatero tsegulani nthano yanu pa tsamba limene mtsikanayo ali pa ngozi yaikulu, mulembe zinthu zinayi kapena zisanu zimene angazikhudze ndi dzanja pamalopo, muwonjezere kumene kuwala kukuchokera ndi kumene woonayo waima, ndipo mtsikanayo mumuike koyambirira kwa mzere.